Chajibaki: mmene banki imabwezera ndalama zolipira pa khadi, ndi nthawi yosiya kulondola wogulitsa

Chajibaki ndi njira imene banki imabwezera ndalama zimene munthu analipira ndi khadi, pamene katundu sanafike, ndalama zadulidwa molakwika, kapena khadi lagwiritsidwa ntchito ndi munthu wina popanda chilolezo cha mwini wake. Ndalamazo sizibwera chifukwa wogulitsa wafuna yekha. Banki ya wogula imakazitenga ku banki ya wogulitsa, motsatira malamulo a kampani imene chizindikiro chake chili pa khadipo, monga Visa kapena Mastercard.

Alimi a m'maboma a Angonia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amagula zinthu mbali zonse ziwiri za malire, ndipo ena ayamba kulipira feteleza, mbewu, mapampu a madzi ndi zipangizo za sola pogwiritsa ntchito khadi, kaya pa makina a m'sitolo kapena pa intaneti. Wogulitsa akakhala kutali, ku Maputo, ku Lilongwe kapena ku Joni, wogula sangathe kumupitira mlungu uliwonse kukafunsa katundu wake. Apa ndi pamene chajibaki imathandiza. Koma njirayi ili ndi masiku ake owerengeka, ndipo masikuwo saima chifukwa chakuti wogulitsa akulonjeza kuti atumiza katundu mawa.

Ndalama zimayenda bwanji munthu akalipira ndi khadi

Pa malonda aliwonse a khadi pamakhala mbali zinayi. Pali wogula, pali banki imene inamupatsa khadi, pali wogulitsa, ndiponso pali banki imene inapatsa wogulitsayo makina a POS kapena njira yolandirira ndalama pa intaneti. Pakati pa mabanki awiriwa pamadutsa kampani ya khadi, imene imaika malamulo oti mabanki onse aziwatsatira. Kuno ku Mozambique, malipiro a pakati pa mabanki a m'dziko momwemuno amadutsa pa SIMOrede.

Khadi likalowetsedwa m'makina, choyamba banki ya wogula imavomereza kuti ndalama zilipo, n'kuzigwira kuti zisagwiritsidwe ntchito kwina. Pakapita tsiku limodzi kapena masiku angapo, ndalamazo zimachokadi mu akaunti kupita ku banki ya wogulitsa. Kusiyana kumeneku n'kofunika. Ndalama zongogwidwa nthawi zambiri zimamasuka zokha ngati malonda sanatheke, pomwe ndalama zimene zachoka kale zimafunika kuti wina azibweze.

Pali njira ziwiri zobwezera. Yoyamba ndi yakuti wogulitsa yekha abweze ndalamazo pa khadi lomwelo. Imeneyi ndi yachangu ndipo siutsa mkangano. Yachiwiri ndi chajibaki, pamene wogula amakadandaula ku banki yake, bankiyo n'kutsegula mlandu wotsutsa malipirowo. Wogula salankhula ndi Visa kapena Mastercard mwachindunji. Khomo lake ndi banki imene inamupatsa khadi, ngakhale wogulitsayo atakhala kudziko lina.

Malipiro amene chajibaki siwakhudza

Chajibaki ndi ya malipiro a khadi basi. Munthu amene watumiza ndalama kwa wogulitsa pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, kapena pa Airtel Money ndi Mpamba kutsidya la Malawi, sanalipire ndi khadi. Makampani a ndalama za pafoni ali ndi njira zawo zothandizira amene watumiza ndalama ku nambala yolakwika, koma imeneyo si njira yoweruzira ngati katundu anafika kapena ayi. N'chimodzimodzinso ndi ndalama zosamutsa kuchoka mu akaunti ina kupita mu ina.

Pali msampha wina umene anthu ambiri sauona. Wogulitsa akanena kuti makina ake sakugwira ntchito, wogula n'kupita kukatapa ndalama pa ATM n'kudzamupatsa pamanja, malipirowo ndi a ndalama zapamanja. Ku banki kumangooneka kuti mwini khadi anatapa ndalama zake, ndipo makina anamupatsadi. Pamenepo banki ilibe choti ikatenge kwa wogulitsa.

Mlandu umayenda bwanji

Wogula akapereka dandaulo, banki yake imaona kaye ngati nkhaniyo ikulowa m'zifukwa zimene malamulo a khadi amavomereza. Visa inagawa zifukwazi m'magulu anayi: kuba, malipiro amene banki sinavomereze, zolakwika pa kayendetsedwe ka malipiro monga kudula kawiri, ndi mikangano ya pakati pa wogula ndi wogulitsa. Chifukwa chilichonse chili ndi nambala yake. Mwachitsanzo, katundu amene sanafike ndi 13.1, ndipo ndalama zimene wogulitsa anavomera kubweza koma osabweza ndi 13.6. Wogula safunika kuloweza manambalawa, koma ayenera kufotokoza nkhani yake momveka kuti banki isankhe chifukwa choyenera. Mlandu wolowera pa chifukwa cholakwika umagwa ngakhale wogula atakhala kuti analakwiridwadi.

Banki ikakhutira, imatumiza mlanduwo ku banki ya wogulitsa, ndipo ndalama zija zimachotsedwa kwa wogulitsayo. Iye amapatsidwa mwayi woyankha, ndipo pa malamulo a Visa mbali yake imakhala ndi masiku 30. Angathe kuvomera, kukhala chete, kapena kubweretsa umboni wake, monga pepala limene wolandira katundu anasainira. Akavomera kapena akakhala chete mpaka masikuwo atatha, ndalama zimakhala za wogula. Akabweretsa umboni, banki ya wogula imaufunsa mwini khadi ngati ali ndi choyankha. Mabanki awiriwa akalephera kumvana, kampani ya khadi ndi imene imagamula, ndipo mbali yogonja imalipira chindapusa cha madola mazana angapo. N'chifukwa chake banki sifuna kupitiriza mlandu umene ulibe mapepala.

Mabanki ena amaika ndalama mu akaunti ya wogula mlandu usanathe. Ndalama zimenezi ndi zongoyembekezera chigamulo. Wogulitsa akapambana, banki imazichotsanso. Mlimi amene waziona n'kuthamangira kukagulira feteleza angathe kudzapezeka ndi ngongole ku banki. Mlandu wonse umatha kutenga milungu ingapo, ndipo ukalimba umafika miyezi iwiri kapena itatu.

Masiku amene wogula ali nawo

Pa milandu yambiri, malamulo a Visa ndi Mastercard amapereka masiku 120. Ngati vuto ndi kudula kawiri kapena kudula ndalama zolakwika, pa malamulo a Visa masikuwa amawerengedwa kuyambira tsiku limene malipiro analowa. Ngati vuto ndi katundu amene sanafike, amatha kuwerengedwa kuyambira tsiku lomaliza limene katunduyo ankayembekezeka kufika. Pa malamulo a Visa, ngakhale tsikulo litakhala kutsogolo kwambiri, mlandu sungatsegulidwe patadutsa masiku 540 kuchokera pa tsiku lolipira.

Masiku 120 amenewa ndi malire a banki potumiza mlandu, osati tsiku loti wogula afike pa khomo la banki. Banki imafuna nthawi yowerenga mapepala, ndipo mgwirizano umene munthu amasainira polandira khadi ungathe kuika nthawi yocheperapo yodandaulira. Pa malonda a m'dziko momwemuno, ndondomeko ya bankiyo ingakhalenso yosiyana ndi ya malonda a kunja. Choncho wogula ayenera kufunsa banki yake tsiku lenileni lomaliza atangozindikira kuti pali vuto, ngakhale akadali kukambirana ndi wogulitsa.

Chitsanzo cha pampu ya sola

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano akufuna pampu ya sola yothirira m'dimba nyengo ya chilimwe. Waipeza pa sitolo ya pa intaneti ya ku South Africa pa mtengo wa marandi 9,000, kuphatikizapo ndalama zotumizira mpaka mumzinda wa Tete. Pa 10 Malichi akulipira ndi khadi lake la Visa, ndipo mu akaunti mwake mwachoka mametikali 32,000. Uthenga wotsimikizira malondawo ukunena kuti pampu ifika pasanadutse pa 31 Malichi.

Pa 31 Malichi pampu sinafike. Kuyambira tsiku limeneli masiku 120 ayamba kuwerengeka, ndipo adzatha pa 29 Julayi. Panthawiyi sipanafike pothamangira ku banki, chifukwa katundu wodutsa malire amachedwa, ndiponso banki idzafunsa ngati wogula anayesa kukambirana ndi wogulitsa. Pa 2 Epulo mlimiyu akulemba uthenga kwa wogulitsa. Akutchula nambala ya oda yake, tsiku limene analipira ndi tsiku limene analonjezedwa, n'kupempha nambala yolondolera katundu panjira. Wogulitsa akuyankha kuti pampu inyamuka mlungu wamawa, koma sakupereka nambala iliyonse.

Pa 12 Epulo mlimiyu akulembanso, ndipo ulendo uno akuika malire. Akunena kuti pofika pa 22 Epulo akufuna pampu kapena ndalama zake pa khadi lomwe analipirira. Yankho likubwera lakuti galimoto yaonongeka panjira, adikire mpaka kumapeto kwa Meyi. Pa 22 Epulo palibe pampu, palibe ndalama, palibe pepala losonyeza kuti katundu ananyamuka.

Apa ndi pamene kulondola wogulitsa kwafika pamapeto. Mlimiyu wafunsa kawiri molemba, wapereka masiku okwanira, ndipo walandira malonjezo okhaokha. Pa 24 Epulo akupita ku banki yake ku Ulongwe atanyamula chiphaso chake, uthenga wotsimikizira malonda wosonyeza tsiku la 31 Malichi, sitetimenti ya akaunti yosonyeza mametikali 32,000 aja, ndi mauthenga onse amene analemberana ndi wogulitsa. Akulemba dandaulo lake mwachidule: analipira pa 10 Malichi, katundu ankayenera kufika pa 31 Malichi, sanafike, anapempha kawiri, ndalama sizinabwezedwe. Akutenga kope la dandaulolo lodindidwa ndi banki komanso nambala ya mlandu wake.

Wogulitsa sangathe kuonetsa kuti pampu inaperekedwa, choncho mlandu ukukomera mlimi. Chimene chikubwezedwa ndi marandi 9,000, ndipo posinthidwa kukhala mametikali angathe kuchepera kapena kuposerapo pang'ono pa 32,000, malinga ndi mtengo wa randi pa tsiku lobwezalo. Ndalama zina zimene banki inadula chifukwa cholipira kunja mwina sizingabwerere zonse.

Nkhani yomweyi ikanatha mosiyana mlimiyu akanavomera kudikira. Kumapeto kwa Meyi akanauzidwa za Juni, mu Juni akanauzidwa za Julayi, iye ali kalikiliki ndi zokolola. Akanafika ku banki mu Ogasiti, akanapeza kuti tsiku la 29 Julayi ladutsa. Wogulitsa akasuntha tsiku lobweretsa katundu ndipo wogula wavomera, tsiku latsopanolo lingathe kuwerengedwa, koma pokhapokha ngati lalembedwa momveka. Mawu a pafoni akuti "mwezi wamawa" banki singawagwiritse ntchito.

Pamene wogula ayenera kuyamba ndi wogulitsa

Pa katundu amene wachedwa, katundu wolakwika kapena woonongeka, ndi ndalama zimene wogulitsa analonjeza kubweza, malamulo a khadi amafuna kuti wogula ayambe wayesa kuthetsa nkhaniyo ndi wogulitsa. Ichi chilinso ndi phindu kwa wogulayo. Wogulitsa woona mtima amabweza ndalama m'masiku ochepa, pomwe mlandu wa ku banki umatenga milungu. Chinanso, chajibaki imapweteka wogulitsa, chifukwa banki yake imamulipiritsa ndalama zapadera pa mlandu uliwonse. Mwini sitolo ya feteleza wa pa boma, amene mlimi adzamufunanso chaka chamawa, angathe kukana kumugulitsanso pa khadi kapena kumukongoza ngati anam'tengera ku banki asanamuuze n'komwe.

Kukambirana kumeneku kuyenera kukhala kolemba, kwa masiku owerengeka. Uthenga wa pafoni ndi wokwanira ngati ukuonetsa tsiku ndi nambala ya wogulitsa. Mlungu umodzi kapena iwiri ndi nthawi yabwino yoperekera kwa wogulitsa. Ngati wogulitsa wavomera kubweza ndalama, wogula apemphe lisiti kapena uthenga wosonyeza kubwezako. Pa malamulo a Visa, banki imadikira masiku 15 kuchokera pa tsiku la pepala limenelo isanatsegule mlandu, chifukwa ndalama zobwezedwa zimatenga masiku kuti zioneke mu akaunti.

Zizindikiro zoti nthawi yopita ku banki yakwana

Chizindikiro choyamba ndi chete. Wogulitsa amene sakuyankhanso mauthenga, amene nambala yake sikupezeka, kapena amene tsamba lake la pa intaneti lazimiririka, sangathe kukakamizidwa ndi wogula. Ngati sitolo yatsekedwa kapena kampani yagwa, palibe chodikira. Banki ya wogulitsayo ndi imene imasenza udindo wa malipirowo, choncho ndalama zingathe kubwerera ngakhale mwini sitolo atathawa.

Chachiwiri ndi malonjezo opanda pepala. Wogulitsa amene watumizadi katundu amakhala ndi nambala yolondolera, dzina la kampani yonyamula, kapena chithunzi cha pepala lotumizira. Amene akusuntha tsiku kachiwiri kapena kachitatu popanda kuonetsa chilichonse akudya masiku a wogula.

Chachitatu ndi kupempha ndalama zina kuti zakale zibwerere, kapena kupempha nambala yachinsinsi ya khadi kapena nambala imene banki yatumiza pafoni. Kubweza ndalama pa khadi sikufuna zimenezi. Wopempha zotere ndi wakuba.

Chachinayi ndi kukana poyera. Wogulitsa akalemba kuti sabweza ndalama pa katundu amene sanapereke, uthenga umenewo ndi umboni wamphamvu ku banki, ndipo kupitiriza kukangana naye n'kungotaya nthawi.

Chomaliza ndi kalendala. Ngakhale wogulitsa akuyankha mwaulemu, ngati padutsa masiku 60 vuto lisanathe, ndiye kuti theka la nthawi lapita, ndipo wogula wanzeru sapitirira pamenepo asanalembe dandaulo.

Pamene wogula ayenera kupita ku banki tsiku lomwelo

Ndalama zikachoka mu akaunti pa malonda amene mwini khadi sakuwadziwa, palibe wogulitsa woti akambirane naye. Choyamba ndi kuimbira banki pa nambala yolembedwa kuseri kwa khadi kapena pa mapepala a banki, n'kutseketsa khadilo, kenako kulemba dandaulo. Asanatero, ndi bwino kuonetsetsa kuti si wina wa m'banja amene wagwiritsa ntchito khadilo, ndiponso kukumbukira kuti dzina looneka pa sitetimenti nthawi zina limasiyana ndi dzina lolembedwa pa khomo la sitolo.

Pali malire ofunika kuwadziwa. Ngati malipirowo anachitika ndi khadi lenileni komanso nambala yachinsinsi yolondola, kapena anatsimikizidwa ndi nambala imene banki inatumiza pafoni ya mwini khadi, banki nthawi zambiri ilibe njira yokatengera ndalamazo kwa wogulitsa. Mlimi amene anapereka khadi ndi nambala yake kwa mwana kapena mnansi kuti akamugulire mbewu ku tauni, munthuyo n'kugulanso zina, sangapambane mlandu wonena kuti anaberedwa ndi munthu wosamudziwa. Kunena zabodza pa dandaulo lotere kungachititse kuti banki itseke akaunti, ndipo ndi chinyengo.

Makina akakana koma ndalama n'kuchoka

Kumadera kumene netiweki imadukaduka, zimachitika kuti makina a POS asonyeza kuti malipiro alephereka, koma uthenga wa banki n'kubwera wonena kuti ndalama zachoka. Wogula amayesanso kachiwiri, kapena amalipira pamanja, n'kupezeka kuti walipira kawiri thumba limodzi.

Chofunika kwambiri pamenepa chimachitika wogula asanachoke m'sitolo. Atenge kapepala kotuluka m'makina kosonyeza kulephereka, ndipo ngati walipira pamanja, apemphe lisiti lolembedwa kuti walipira ndalama zapamanja, lokhala ndi tsiku ndi dzina la sitolo. Nthawi zambiri ndalama zotere zimakhala zongogwidwa ndipo zimamasuka zokha pakapita masiku angapo. Zikapanda kubwerera, ndipo sitetimenti ikuonetsa kuti zinachokadi, wogula angaonetse mwini sitolo, amene angathe kuona pa akaunti yake ngati ndalamazo zinalowa. Ngati mwini sitolo akunena kuti sizinamufike, kukangana naye sikuthandiza, chifukwa mwina akunena zoona. Ndalamazo zingakhale zatsakamira pakati pa mabanki, ndipo banki yokha ndi imene ingazilondole.

Milandu imene imagwa kawirikawiri

Katundu wogwidwa ku kasitomu si katundu amene sanafike. Ngati pampu yafika pa malire kapena kumalo a kasitomu m'dziko muno ndipo ikudikira kuti wogula alipire msonkho, malamulo a Visa salola mlandu wonena kuti katundu sanaperekedwe. Ndi chifukwa chake wogula ayenera kumvana ndi wogulitsa asanalipire kuti msonkho wolowetsera katundu alipira ndani.

Katundu woperekedwa kwa wonyamula amene wogula anasankha yekha ndi vuto linanso. Mlimi akauza sitolo ya ku Lilongwe kuti ipereke katundu kwa dalaivala wa minibasi yopita ku Dedza, dalaivalayo n'kusainira, wogulitsa ali ndi umboni woti anachita zimene anauzidwa. Katundu akasowa panjira, mlandu uli pakati pa mlimi ndi dalaivala.

Pa katundu wosiyana ndi amene anaitanitsidwa, banki imafuna kuona kuti wogula anamubweza kapena anayesa kumubweza. Munthu sangasunge katundu n'kulandiranso ndalama. Zithunzi za katunduyo atangofika, pamodzi ndi pepala losonyeza chimene chinalonjezedwa, ndi zimene zimalimbitsa mlandu. Mbewu imene sinamere bwino ndi yovuta kwambiri kuitsimikizira, popeza wogulitsa angathe kuloza mvula, nthaka kapena kasungidwe, ndipo mbewuyo ili kale m'nthaka moti singabwezedwe.

Kusintha maganizo si chifukwa. Amene wagula pampu kenako n'kupeza yotchipa kwina ayenera kutsatira malamulo a sitoloyo obwezera katundu. Ndipo ngati katundu wafika wina n'kutsala wina, mlandu umakhala wa gawo lotsalalo lokha. Mlimi amene analipira matumba 20 a feteleza pa mametikali 3,000 lililonse n'kulandira 12 adandaule za matumba 8, omwe ndi mametikali 24,000, osati 60,000 yonse. Kufuna ndalama zonse kumapatsa wogulitsa mpata woonetsa pepala la matumba 12 aja n'kugwetsa mlandu.

Wogulitsa akabweza ndalama mlandu uli mkati, wogula adziwitse banki. Ndalama zolandira kawiri banki imazichotsanso ikazindikira.

Banki ikakana kapena ikachedwa

Wogula ali ndi ufulu wopempha kuti banki imuyankhe molemba n'kufotokoza chifukwa chimene yakanira. Ngati banki siyankha, kapena yankho lake silikugwirizana ndi umboni umene unaperekedwa, dandaulo lingapite ku Banco de Moçambique, yomwe imayang'anira mabanki ndipo imalandira madandaulo a makasitomala awo. Kumeneko kudzafunika kope la dandaulo loyamba lija ndi yankho la banki ngati lilipo.

Kugwa kwa chajibaki sikutanthauza kuti ngongole ya wogulitsa yatha. Chajibaki ndi ndondomeko ya mabanki, si chigamulo cha khoti. Ngati wogulitsa ali m'dziko muno, wogula amatetezedwanso ndi lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009, ndipo angathe kukadandaula ku bungwe la boma loyendera malonda, kapena kukasuma kukhoti. Ngati wogulitsa ali kunja kwa dziko, njira zimenezi zimakhala zovuta ndi zodula kwa mlimi wa kumudzi, ndipo nthawi zambiri chajibaki ndi yokhayo imene angaifikire. Pa malonda otero, tsiku lolonjezedwa kufika katundu liyenera kulembedwa wogula asanalipire, chifukwa masiku onse a mlandu amawerengedwa kuchokera pamenepo.